Musanatumize, yang'anani kaye ngodya zinayi za chithunzi

Mu Malichi 2020, mliri wa korona utangoyamba kutseketsa malire, chithunzi china chinayenda m'magulu a WhatsApp dziko lonse lapansi. Pachithunzipo panali mkango ukuyenda pamsewu wa mumzinda usiku, pamwamba kumanzere pali mawu akuti LIVE, munsi muli mzere wofiira wa BREAKING NEWS. Mutu wake unkanena kuti dziko la Russia lamasula mikango yoposa 500 m'misewu kuti anthu asatuluke m'nyumba. Ena anaseka n'kupitiriza tsiku lawo. Ena anakhulupirira, mpaka kuyamikira kuti atsogoleri olimba mtima ndi amenewo. Chithunzi chinali chimodzi chomwecho, koma kwa wina chinali nthabwala, kwa wina chinali nkhani.

Maganizo athu ndi akuti funso lomwe ambiri timadzifunsa, lakuti kodi zimenezi n'zocheza kapena n'zabodza, timalifunsa pamalo polakwika. Timaliloza kwa amene anapanga chithunzi, ngati kuti tingathe kulowa mumtima mwake. Munthu ameneyo sitimudziwa, ndipo nthawi zambiri sitidzamudziwa. Chomwe tili nacho m'manja ndi chithunzi monga momwe chatifikira, chitadutsa m'mafoni mazanamazana. Mafunso omwe tingathe kuwayankha ndi awiri: kodi pachithunzichi patsala chizindikiro choulula kuti n'chocheza, kapena wina wachidula? Nanga uthenga womwe wabwera nachowo ukufuna kuti ine ndichite chiyani?

Tiyambe ndi mkango womwewo, chifukwa nkhani yake ikudziwika bwino kuyambira poyambira.

Mkangowo ndi weniweni, msewunso ndi weniweni, koma si ku Russia. Anaujambula mu Epulo 2016 ku Braamfontein mumzinda wa Johannesburg, komwe kampani yopanga mafilimu inabweretsa mkango wotchedwa Columbus kudzajambula kanema. Manyuzipepala analemba za nkhaniyi nthawi yomweyo. Patatha zaka zinayi, wina anatenga chithunzicho n'kuchilowetsa patsamba la breakyourownnews.com. Tsamba limeneli n'lanthabwala: mumaikapo chithunzi chilichonse, n'kulemba mutu womwe mwafuna, ndipo limakupatsani chithunzi chooneka ngati chajambulidwa pa wayilesi ya kanema. Aliyense angalembe kuti agogo ake apambana mpikisano wothamanga. Chofunika kudziwa n'chakuti tsambalo limasiya dzina lake pangodya yapamwamba kumanja. Dzina limenelo ndiye chizindikiro chomwe tikunena. Likakhalapo, wowerenga watcheru amadziwa kuti akumuseka. Likadulidwa, kapena likafufutika chifukwa chithunzi chajambulidwanso pa sikirini kambirimbiri, nthabwala ija yatha, chatsala ndi bodza loyenda lokha.

Ndiye poyamba penipeni, tsegulani chithunzicho kuti chidzaze sikirini yonse. Ambiri timaweruza tikungoona kachithunzi kakang'ono kamene kali m'macheza, komwe m'mphepete simuoneka. Chikatseguka, chikuzeni ndi zala ziwiri n'kuyendera ngodya zonse zinayi, kenako mzere wa munsi. Mukufuna dzina la tsamba, dzina la wojambula makatuni, kapena chizindikiro cha wayilesi. Pa chithunzi cha mkango palibe chizindikiro cha wayilesi iliyonse, pomwe wayilesi za kanema zimasamala kwambiri kuti chizindikiro chawo chisachoke pa sikirini nthawi ya nkhani. Mutu wakenso ndi chiganizo chachitali chodzaza mzere wonse, pomwe akonzi a nkhani amalemba mawu ochepa oti munthu awerenge mwachangu. Onaninso maonekedwe a chithunzi. Sikirini ya kanema ndi yotambalala m'mbali. Chithunzi chonena kuti chachokera pa kanema chikabwera chofanana mbali zonse, kapena zilembo zina zitadukira pakati m'mphepete, dziwani kuti mpeni wadutsapo, ndipo funsani kuti chomwe chadulidwacho chinali chiyani.

Kenako werengerani. Ku Russia kulibe mikango ya m'tchire. Mkango wamkulu umadya nyama pakati pa makilogalamu 5 ndi 7 patsiku, kutanthauza kuti mikango 500 ikufuna makilogalamu osachepera 2,500 tsiku lililonse. Anaitenga kuti? Ndani adzaibweze m'makola? Apolisi ndi madokotala akuyenda bwanji? Nthabwala yabwino imakhala choncho dala: imakokomeza mpaka poti munthu aime n'kuseka. Imafuna kugwidwa, chifukwa kukoma kwake kuli pomwe mwazindikira. Bodza lofuna kukupusitsani limachita zosiyana, limachepetsa kukokomeza kuti likwane m'zomwe mumaziopa kale.

Ngati muli ndi intaneti yokwanira, sakani chithunzicho. Chisungeni mufoni, mutsegule Google Lens kapena tsamba la tineye.com, n'kuchilowetsamo. Musanatero, dulani nokha mizere ya mawu ija kuti patsale mkango ndi msewu wokha, chifukwa makinawo akaona mzere wa BREAKING NEWS amakubweretserani makope a bodza lomwelo m'malo mwa gwero. Pa TinEye sankhani kuti zotsatira zisanjidwe ndi `Oldest`. Mukaona chithunzi chomwecho pa nkhani za 2016, mlandu watha, chifukwa chithunzi cha 2016 sichingakhale umboni wa zomwe zachitika mu 2020. Njirayi ili ndi malire ake. Tsiku lomwe TinEye imaonetsa ndi tsiku lomwe inachipeza chithunzicho, osati lomwe chinajambulidwa, ndipo kusapeza kanthu sikutanthauza kuti chithunzi n'choona. Zithunzi zojambulidwa kumudzi kwathu kuno, zomwe zangoyenda pa WhatsApp pokha, kawirikawiri sizipezeka n'komwe. Musadalirenso tsiku lomwe foni yanu ikuonetsa pa chithunzicho. WhatsApp imachotsa zomwe kamera inalemba mkati mwa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, choncho tsiku lomwe mukuliona ndi lomwe chinafika mufoni mwanu.

Ambiri kuno timagula bandulo ya WhatsApp yokha, moti bodza limatifika koma njira yokalifufuzira imakhala yotseka. N'chifukwa chake tikulimbikira za ngodya zinayi ndi za kuwerengera, poti zimenezi sizidya mayunitsi.

Kudula kumene tikukambaku si nkhani yaing'ono. Ku Karachi m'dziko la Pakistan, bungwe la Roshni Helpline linapanga kanema wophunzitsa makolo kusamala ana. Amuna awiri pa njinga yamoto akunyamula mwana yemwe akusewera pamsewu, kenako akubwerera naye, kumutsitsa, n'kuonetsa chikwangwani cha uthenga wawo. Wina anadula mathero amenewo. Chotsalacho chinayenda ku India ngati umboni woti kwabwera anthu oba ana, pamodzi ndi machenjezo olembedwa. M'chaka cha 2018 anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya m'madera osiyanasiyana chifukwa cha mphekesera zotere, ndipo pa 1 Julayi amuna asanu anaphedwa m'mudzi wa Rainpada ku Maharashtra. Kanemayo sanali nthabwala, koma chinachitika n'chimodzimodzi ndi cha mkango uja: mbali yomwe inkafotokoza tanthauzo ndi yomwe inachotsedwa. Kanema akathera mwadzidzidzi pomwe mtima wanu wafika pakhosi, osaonetsa chomwe chinatsatira, mukayikireni. Ife a ku Malawi sitifunika kuphunzitsidwa komwe mantha otere amathera. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma oyandikana nawo.

Tsopano funso lachiwiri, la zomwe uthenga ukufuna kwa inu. Apa m'pamene nthabwala ndi chenjezo labodza zimasiyana poyera. Nthabwala sipempha kanthu. Mukaseka, ntchito yake yatha. Chenjezo labodza nthawi zonse limakutumani: tumizani kwa anthu onse, musayankhe nambala yakutiyakuti, musagule chakuti, imwani chakuti, dinani apa.

Chitsanzo chomwe chakhalitsa ndi cha Martinelli. Uthengawo umati katswiri wina wa makompyuta wachenjeza kuti mawa pa WhatsApp patuluka kanema wotchedwa Martinelli, musamutsegule, akulowa mufoni mwanu ndipo palibe chomwe chingaikonze, uzani aliyense. Apolisi a ku Spain anautsutsa kale mu 2017, koma umabwererabe, nthawi zina utasintha dzina la kanema. Kanemayo palibe anamuonapo. Tauwerengani mofatsa muone momwe anaumangira. Mawu akuti "mawa" alibe deti, choncho tsiku lililonse lomwe mwaulandira, mawa lake likadali kutsogolo, ndipo uthenga sukalamba. Katswiri uja alibe dzina, alibe komwe amagwira ntchito. Makope ena amati zalengezedwa pa wayilesi, osatchula pulogalamu kapena tsiku. Ngozi yake ndi yotheratu, yopanda mankhwala, kuti mantha asakupatseni mpata woganiza. Ndipo chochita chokha chomwe mwapatsidwa ndi kuufalitsa.

Wina anena kuti, komatu mafoni amalowedwadi. N'zoona, ndipo kuyerekeza ziwirizi n'kumene kumaphunzitsa. Mu Meyi 2019 kampani ya WhatsApp inavomera kuti panali chiboo chomwe akathyali ankalowera nacho mufoni pongoimbira munthu kudzera pa WhatsApp, ngakhale asayankhe. Chenjezo limenelo linali ndi mwini wake, linali ndi tsiku, linalembedwa m'manyuzipepala odziwika, ndipo chochita chake chinali chimodzi chomveka: ikani WhatsApp yatsopano kuchokera ku Play Store kapena App Store. Silinapemphe aliyense kutumiza kwa anthu khumi. Chenjezo lenileni limakuuzani chochita kuti mudziteteze inuyo. Labodza limakuuzani chochita kuti ilo lipitirire kuyenda. Mofananamo, nthambi yoona za nyengo ikachenjeza za namondwe, monga inachitira pa Freddy mu Malichi 2023, imatchula maboma, masiku ndi dzina lake, ndipo mumamva zomwezo pa wayilesi.

Machenjezo ena amagwa okha mukangowayesa ndi nzeru za tsiku ndi tsiku. Pali lija lakale lonena kuti mbava zikakukakamizani kutapa ndalama pa makina a kubanki, mulembe nambala yanu yachinsinsi chobwerera m'mbuyo, ndalama zituluka koma apolisi adziwa. Tangoganizani za munthu yemwe nambala yake ndi 1221. Chobwerera m'mbuyo ndi 1221 yomweyo. Makinawo adziwa bwanji? Zoona zake n'zakuti nambala yotembenuza imangowerengedwa ngati yolakwika, ndipo mukailemba kangapo khadi limatsekedwa, wachifwamba ali chilili kumbuyo kwanu.

WhatsApp yomwe inaikapo zizindikiro zothandiza, koma ambiri amaziwerenga molakwika. Kuyambira mu 2018, uthenga wongopatsirana umakhala ndi kamuvi ndi mawu akuti `Forwarded`. Ukadutsa m'manja kasanu kapena kuposa, pamabwera mivi iwiri ndi mawu akuti `Forwarded many times`, ndipo kuyambira mu Epulo 2020 uthenga wotere mungautumize kumalo amodzi okha nthawi imodzi. Mivi iwiriyo sikunena kuti uthenga ndi wabodza, komanso sikunena kuti ndi woona poti wafika kwa ambiri. Ikungokuuzani kuti amene wakutumizirani si amene anaulemba, ndipo mwina ali kutali kwambiri ndi gwero lake. Kusowa kwa muvi nakonso si umboni, chifukwa munthu akakopera mawu n'kuwamata, kapena akasunga chithunzi n'kuchitumiza ngati chake, chizindikirocho sichibwera. Uthenga woyamba ndi mawu akuti "mlamu wanga amagwira ntchito kuchipatala" ukhoza kuoneka ngati walembedwa ndi mnzanu, pomwe mlamuyo ndi wa munthu wa kudziko lina. Funsani mwachindunji: mlamu wanu uti? Kawirikawiri yankho limakhala lakuti, inenso angonditumizira.

Pali zifukwa ziwiri zomwe anthu amadzitetezera nazo, ndipo zonse n'zoyenera kuziyankha mwaulemu, chifukwa ozinena si anthu oipa.

Choyamba ndi cha otumiza machenjezo. Amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ngati chenjezo lili labodza palibe chomwe chawonongeka. Mwambiwo ndi woona, koma umanena za mnansi yemwe waona ngozi ndi maso ake. Wotumiza uthenga womwe sanaufufuze sanaone kanthu, wangobwereketsa dzina lake kwa mlendo. Amayi anu sakhulupirira uthengawo chifukwa cha katswiri wopanda dzina uja, amaukhulupirira chifukwa wachokera kwa inu. Kunena kuti palibe chowonongeka nakonso si zoona. Mu Ogasiti 2014, Ebola italowa ku Nigeria, uthenga unayenda usiku umodzi wouza anthu kusamba ndi kumwa madzi a mchere kuti adziteteze. Anthu anadzutsana pafoni m'bandakucha chifukwa cha chikondi. Osachepera awiri anamwalira ndipo ena anagonekedwa m'zipatala, chifukwa mchere wambiri ndi woopsa, makamaka kwa odwala kuthamanga kwa magazi. Palinso kuwonongeka kwina kosaoneka msanga. Gulu la mpingo kapena la banja lomwe lalandira machenjezo abodza makumi awiri limasiya kuwerenga machenjezo, ndipo tsiku lomwe kwabwera lenileni la madzi osefukira, limadutsa ngati ena aja.

Chachiwiri ndi cha okonda nthabwala. Amati tinkangocheza, wosamva nthabwala ndi vuto lake. Sitikufuna kuti magulu athu akhale ouma ngati msonkhano wa maliro. Kuseka atsogoleri, kuseka kuzima kwa magetsi, kuseka mavuto athu omwe, n'kumene kumatipepuza. Koma nthabwala imadalira omvera omwe akudziwa chomwe chikusekedwa. Pagulu la anzanu a kusukulu, aliyense akudziwa kuti chikalata chooneka ngati cha boma chonena kuti mawa ndi tchuthi n'chopeka. Chikatuluka m'gulumo, chimapita chokha, popanda nkhope yanu yomwetulira, popanda timawu ta kuseka tomwe munalemba munsi. Chikafika kwa azakhali kumudzi chimakhala chikalata cha boma basi. Choncho muyezo womwe tikuupereka ndi uwu: nthabwala ikabwereka chovala cha ofesi yeniyeni, monga chidindo, mutu wa kalata, chizindikiro cha wayilesi, dzina la chipatala kapena la banki, ndiye kuti yadutsa malire, ngakhale woipanga atakhala ndi mtima woyera. Chimodzimodzi ikamanena za mankhwala, chakudya cha poizoni, ndalama, kapena ikaonetsa nkhope ya munthu weniweni n'kumutcha wakuba. Pa zinthu zimenezi munthu mmodzi yekha wokhulupirira ndi wokwanira kuti pachitike ngozi. Wofuna kupanga nthabwala yotere aike chizindikiro pakati pa chithunzi pomwe sichingadulidwe, osati pangodya, ndipo asinthe dzina la ofesiyo kuti lioneke lopeka kwa aliyense.

Tivomereze kuti pali zithunzi zomwe zimakana kulowa mbali iliyonse. Mwayendera ngodya, mwasaka, simunapeze kanthu, ndipo nkhaniyo ndi yotheka. Pamenepo palibe chokukakamizani kugamula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yaikulu yeniyeni, monga imfa ya munthu wotchuka, kutsekedwa kwa sukulu kapena kukwera kwa mtengo wa mafuta, imamveka pa wayilesi mkati mwa maola ochepa. Dikirani nkhani za madzulo. Ngati n'chenjezo lotchula dera lanu, imbirani munthu mmodzi yemwe ali komweko n'kumufunsa zomwe waona yekha, osati zomwe wamva. Ngati muli ndi intaneti, koperani chiganizo chimodzi cha uthengawo, muchiike pakati pa zizindikiro za mawu ogwidwa n'kuchisaka pa Google. Mauthenga ambiri otere ndi akale, amangosinthidwa dzina la mzinda, ndipo mabungwe ofufuza zoona monga Africa Check, lomwe linayamba mu 2012 ku Johannesburg, amakhala atawalemba kale.

Chovuta kwambiri si kuzindikira bodza ayi, koma kuuza amene walitumiza, makamaka akakhala wamkulu. Kudzudzula amalume pagulu la banja kumangowachititsa manyazi, ndipo munthu wochita manyazi amaumirira. Alembereni paokha, muwapatse umboni woti angaone ndi maso awo, ndipo muwasiyire iwo ulemu wokonza okha. Mungalembe kuti: "Malume, chithunzi cha mkango chija tachikuzani pangodya yapamwamba kumanja, muona dzina la tsamba lopangira nthabwala. Anachijambula ku Joni mu 2016 popanga filimu. Chapusitsa anthu ambiri, si inu nokha." Akavomera, awonetseni kuti akadina uthengawo n'kuugwira, n'kusankha `Delete for everyone`, uchoka kwa onse, malinga ngati sipanadutse masiku awiri. Kufufuta kokha sikukwanira, chifukwa ena anawerenga kale ndipo ena anatumiza kale kwina. Alembenso mzere umodzi pagulu lomwelo wonena kuti uthenga uja unali wabodza, ndipo amene anaupititsa kumagulu ena akauze komweko. Ngati uthengawo ukutchula munthu kapena mankhwala, musadikire kuti amalume awerenge: lembani pagulu nthawi yomweyo, mwaulemu, kenako muwaimbire.